Alendo awiri, chipinda chimodzi: mawu a mnzako asalowerere pa maikolofoni yako

"Achimwene, ndimajambula podikasiti pabalaza kwathu ku Matawale. Timakhala atatu, ine ndi alendo awiri, ndipo aliyense ali ndi maikolofoni yake ya dayinamiki yolowa mu Zoom PodTrak P4. Alendowo amakhala pa sofa imodzi, mamaikolofoni ali patebulo patsogolo pawo. Ndikamvetsera, mawu a mlendo mmodzi akumveka kwambiri pa thiraki ya mnzake, ndipo ndikaziphatikiza zikumveka ngati tikuyankhulira mu ndowa. Kodi ndigule mamaikolofoni odula?"

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Zida muli nazo ndi zokwanira. Chasokoneza ndi sofayo, komanso mtunda womwe uli pakati pa kamwa ndi maikolofoni.

Pali mbiri yomwe imayenda yoti maikolofoni ya dayinamiki simva za patali. Ndi zoona pang'ono chabe. Dayinamiki imatulutsa mphamvu yochepa poyerekeza ndi kondensa, ndiye anthu amaiyankhulira pafupi, ndipo kuyandikirako ndi kumene kumabisa phokoso lina. Koma mukaiika patali n'kupotokola batani la GAIN kuti mlendo amveke, mwakweza zonse pamodzi: mlendoyo, mnzake wa pambali, ngakhale njinga yamoto yodutsa pamsewu. Batanilo silisankha munthu. Chomwe chimasankha ndi kusiyana kwa mtunda, mwini maikolofoni ali pafupi bwanji, winayo ali patali bwanji.

Lamulo lake ndi limodzi ndipo ndi losavuta kusunga. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi madesibelo 6; desibelo, mwachidule dB, ndi muyeso wa kukula kwa mawu. Tiyeni tiwerengere pabalaza panupo. Sindinapaone, koma anthu awiri pa sofa imodzi makamwa awo amatalikirana mwina masentimita 60, ndipo maikolofoni ya patebulo imakhala masentimita 30 kuchokera pakamwa, poti munthu akakhala pa sofa amatsamira kumbuyo. Zikatero, kamwa la mlendo wachiwiri lili masentimita 67 okha kuchokera pa maikolofoni ya woyamba. Mwini wake 30, mnzake 67. Kusiyanaku kumapereka madesibelo 7 basi. Popeza mnzakeyo ali chapambali pang'ono, maikolofoni imamuchotsera ena atatu. Onse pamodzi 10. Khutu la munthu limamva kutsika kwa madesibelo 10 ngati theka la mawu, ndiye pa thiraki iliyonse muli anthu awiri, wina wathunthu wina theka.

Za mu ndowazo zikuchokera pomwepo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho liwu la mlendo limafika pa maikolofoni yake kaye, kenako pa ya mnzake mochedwa pang'ono kwambiri, kadontho ka nthawi koposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Khutu silimva ngati mawu awiri. Koma mukaphatikiza mathiraki, liwu limodzilo limakumana ndi chithunzi chake chochedwa, ndipo zigawo zina za mawu zimafafanizana. Pa mtunda wanuwo dzenje loyamba limagwera cha pa 460 Hz pa muyeso wa kunenepa ndi kuonda kwa mawu, pakati penipeni pa liwu la munthu, ndipo maenje ena amatsatira m'mwamba mwake. Kuti mutsimikize kuti vuto ndi limeneli, tsegulani zomwe munajambula kale, pezani pomwe mlendo mmodzi akuyankhula yekha, dinani Mute pa mathiraki awiri enawo. Ndowa ija ikachoka, mwaligwira.

Tsopano bweretsani maikolofoni pa masentimita 5 kuchokera pamilomo, ngati zala zitatu zogundana, ndipo alendowo atalikirane mita imodzi ndi theka. Mwini wake 5, mnzake 150. Papepala, kumeneko ndi kusiyana kwa madesibelo pafupifupi 30. M'nyumba yeniyeni simudzafika pamenepo chifukwa makoma amabweza mawu, koma mukapeza 20 mwachita bwino, ndipo ndowa ija simudzaimvanso. Onani kuti phindu lalikulu lachokera pa kuyandikitsa kamwa. Kuchoka pa 30 kufika pa 5 kokha kwakupatsani madesibelo oposa 15 osalipira tambala. Kuti mupeze omwewo potalikitsa alendo, mukadafunika kumukhazika wina panja pakhonde.

M'mabuku a zojambula mawu mumapezeka lamulo loti mtunda wa pakati pa mamaikolofoni ukhale katatu mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni. Limathandiza pa kwaya. Pa podikasiti ine ndimalitenga ngati poyambira chabe, chifukwa katatu amangopereka madesibelo osakwana 10, omwe muli nawo kale ndipo akukusowetsani mtendere.

Sofa isiyeni. Tengani mipando itatu yolimba, ya pa tebulo lodyera, muiike ngati mafuwa, aliyense akuyang'ana pakati. Chifukwa chake ndi ichi. Mamaikolofoni ambiri a dayinamiki omwe timagwiritsa ntchito, monga Shure SM58, Samson Q2U kapena Behringer XM8500, ndi a mtundu wa kadiyoidi: amamva kwambiri kutsogolo, m'mbali amatsitsa ndi madesibelo 6 okha, ndipo malo omwe samva kwenikweni ndi kumbuyo, komwe kumatulukira waya. Anthu akakhala moyandikana phewa ndi phewa, aliyense ali m'mbali mwa maikolofoni ya mnzake, komwe imamvabe bwino ndithu. Akakhala ngati mafuwa, maikolofoni iliyonse imaloza mwini wake ndipo mchira wake umaloza kwa awiri enawo. Yang'anani pa bokosi kapena pa kapepala ka maikolofoni yanu. Ngati palembedwa supercardioid, monga Shure Beta 58A, imamva pang'ono kumbuyo kwenikweni, ndipo malo ake ogontha ali chakumbuyo m'mbali, choncho musamuike munthu molunjika ndi mchira.

Pali chinthu china chomwe ambiri sachiganizira. Alendo awiri sakhala ndi liwu lofanana. Tsiku lina ndinajambula abusa ena pamodzi ndi mayi wina wogulitsa masamba mu msika wa Zomba. Abusawo anazolowera kulalikira popanda zokuzira mawu, mayiwo pamaso pa maikolofoni anayamba kuyankhula ngati ali pa maliro. Kuti mayiwo amveke ndinakweza GAIN yawo, ndipo abusa anadzaza mathiraki onse awiri. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinawakhazika moyandikana. Maikolofoni yofunika kuiteteza ndi ya wa liwu lofatsa. Mchira wake uloze kwa wa liwu lalikulu molunjika, ndipo awiriwo ndiwo atalikirane kwambiri, inu mukhale pakatikati. Wofatsayo ayandikire mpaka milomo itatsala pang'ono kukhudza siponji; wa liwu lalikulu angathe kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Kuyandikira kuli ndi mtengo wake. Liwu limanenepa, ndipo mpweya wa "p" ndi "ph" umaphulika pa maikolofoni. Valikani siponji, ndipo maikolofoni ikhale pakona pa kamwa, ikuloza milomo koma mpweya ukudutsa pambali. Kunenepako chepetsani ndi Lo Cut ya pa lekoda yanu, kapena podula zapansi pa 80 mpaka 100 Hz pokonza. Maikolofoni ikhale pa sitandi, osati m'manja. Mlendo akaigwira ngati mmene amachitira oyendetsa mwambo wa perekaniperekani, chikhatho chitakuta mutu wake, amatseka timabowo ta kumbuyo tomwe timaichititsa kuti isamve kumbuyo, ndiye imayamba kumva mbali zonse.

Chipinda nacho chili ndi mbali yake. Nyumba zathu zambiri ndi za pulasitala, pansi simenti, ndipo mawu amadumpha ngati mpira. Taganizirani komwe maikolofoni ya mlendo ikuyang'ana: ikuyang'ana mlendoyo, komanso khoma lomwe lili kumbuyo kwake. Liwu la mnzake limadutsa, kugunda khomalo, n'kubwerera kulowa kutsogolo kwa maikolofoni, komwe imamva bwino kwambiri. Choncho bulangete lolemera likolekeni kumbuyo kwa munthu aliyense, litalekana pang'ono ndi khoma, osati kumbuyo kwa maikolofoni. Matiresi oimika ndiye abwino koposa. Patebulo yalani bulangete lopinda, pansi kapeti kapena mphasa. Chitenje chimodzi n'chopyapyala, chimangokongoletsa. Matileyi a mazira omwe ndimawaona atamatidwa m'masitudiyo ena sachita zambiri, musavutike nawo. Koma mvula ya kuno kunsi kwa phiri ikayamba kugunda malata, palibe bulangete lingakupulumutseni. Imani, mumwe tiyi, idutse.

Musanayambe kujambula zenizeni, yesani kwa mphindi imodzi. Aliyense ayankhule yekha masekondi khumi, ndi liwu lomwe adzayankhulire, ena ali chete. Konzani GAIN kuti nsonga za mawu zizifika cha pa -12 dB. Kenako tsegulani mafayilowo pa kompyuta, muone pomwe mlendo woyamba akuyankhula: thiraki yake ili pa -12, ya mnzake iyenera kukhala cha pa -30 kapena kutsikirapo. Ikakhala pa -22, wina watalikira maikolofoni kapena mpando wakhota. Sunthani, yesaninso. Zikatheka aliyense avale mahedifoni, poti munthu akadzimva kuti wazimirira amabwerera yekha pa maikolofoni osauzidwa. Angokhala otseka makutu bwino ndipo musawakweze kwambiri, chifukwa nawo amatha kudonthezera mawu mu maikolofoni.

Pokonza, gwiritsani ntchito mafayilo a maikolofoni iliyonse payokha, osati fayilo yosakaniza kale. Mu pulogalamu ya Audacity yatsani Sync-Lock kuti mukadula penapake mathiraki onse adulidwe pamodzi. Imodzi ikangotsetsereka, mawu olowerera aja amasanduka mawu obwereza. Njira yaukhondo kwambiri ndi ya manja, kutsitsa thiraki ya munthu pomwe sakuyankhula, koma pa zokambirana za ola lathunthu imadya madzulo onse. Yachidule ndi Noise Gate, chipata chomwe chimatsitsa thiraki chokha mawu akatsikira pansi pa mlingo womwe mwaika. Ikani Gate threshold pakati pa milingo iwiri munayeza ija, pamwamba pang'ono pa mawu olowerera. Apa ndi pomwe madesibelo 20 aja amagwira ntchito: pa kusiyana kwa 10 chipatacho chimasowa poima, chimadula mawu a mwini wake kapena kulowetsa a mnzake. Level reduction musaiike yotseka kotheratu. Yambani ndi -12 dB, kuti phokoso la m'chipinda lisamazime n'kuyaka ngati magetsi. Mukamva kuti mathero a mawu akudulidwa, kapena "eee" wa mlendo wovomereza akusowa, tsitsani Gate threshold pang'ono ndipo talikitsani Decay. Compressor ibwere pambuyo pa zonsezi, chifukwa ikayamba ndiyo imakweza mawu olowererawo n'kuwayandikitsa kwa enieni.

Pomwe alendo ayankhulira pamodzi kapena kuseka limodzi, mathiraki onse amakhala otseguka ndipo palibe chochotsa. Pamenepo ndimangosiya momwemo. Ndimangowapempha tisanayambe kuti wina akamafotokoza nkhani yaitali, mnzake avomereze ndi mutu m'malo mwa pakamwa.