Khoma lisinthe mtundu, mthunzi utsale

"Ndili ndi chithunzi cha pabalaza, khoma lake ndi loyera mokhala ngati lachikasu. Ndikufuna likhale lobiriwira moderako. Ndikaika masiki n'kugwiritsa ntchito `Inpaint` mu Stable Diffusion, mthunzi wa duwa umasowa, khomanso limasalala ngati pulasitiki. Ndikulakwitsa pati?"

Funso lanuli landikhudza, chifukwa ntchito ngati imeneyi inandisowetsapo tulo. Mayi wina ankafuna kuona chipinda chake chili ndi mtundu watsopano asanagule penti. Khoma lake linali la pulasitala wokhakhala, ndipo dzuwa lolowera pawindo linkasiya mizere ya kuwala pamenepo. Chimene mayiyo ankachikonda m'chipindamo chinali mizere imeneyo, koma pulogalamu inkaifafaniza nthawi zonse.

Chimachititsa ndi `Denoising strength`, nambala youza pulogalamu kuti isinthe chithunzi kwambiri kapena pang'ono. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, imayambira pa 0.75, ndipo pamenepo pulogalamu sipenta khoma lanu ayi, imajambula khoma lina. Mukaitsitsa kufika pa 0.3, mthunzi umatsala koma mtundu susintha. Anthu amataya nthawi kufunafuna nambala yapakati yochita zonse ziwiri. Ine ndikuti asiye. Kusintha mtundu si ntchito ya `Inpaint`, ndipo zimandiwawa kuona ongoyamba kumene akuphunzitsidwa ngati ndi choncho.

Za masiki nazonso ndili nazo mawu. Zida zosankha zokha zimakonda kulumpha mthunzi, chifukwa ndi wakuda kusiyana ndi khoma. Komatu mthunziwo ndi khoma lomwelo! Ukatsala kunja kwa masiki, mumapeza chigamba cha mtundu wakale kuseri kwa duwa. Masamba atuluke m'masiki, mthunzi wawo ulowemo.

Ena angakuuzeni kuti mu Photoshop muike leya yobiriwira pa `Color`. Njira imeneyo imasunga kuwala kwa chithunzi monga kunalili, choncho khoma lowala limangopatsa kubiriwira kotuwa, ndipo pamene pali poyereratu pamakhalabe poyera.

Pentani kaye

Mu Photoshop kapena GIMP, yambani mwachotsa chikasu m'kati mwa masiki potsitsa `Saturation`, apo ayi chidzasakanikirana ndi mtundu watsopano. Kenako ikani leya yobiriwira pa `Multiply`, ndi masiki yomweyo. Powala pamatenga mtundu, pamthunzi pamaderabe, kukhakhala kwa pulasitala kumaonekabe. Mthunzi ukada mpaka kubisa pulasitala, ukwezeni pang'ono ndi `Curves`. Musaiwale denga ndi pansi: khoma lobiriwira limaponyako mtundu wake, ndiye pakani kobiriwira kochepa kwambiri chapafupi ndi khomalo.

Mukatero m'pamene mupite ku `Inpaint`, kukangokonza m'mphepete mwa masamba. `Masked content` ikhale pa `original`, `Denoising strength` pakati pa 0.2 ndi 0.3. Yerekezani ndi chithunzi choyamba mutachikulitsa. Mthunzi ukasuntha kapena pulasitala akayamba kusalala, tsitsaninso nambalayo.