Machubu a mbande pa bedi: kodi kuyala mwa makona atatu kumalowetsadi zochuluka?

"Ndili ndi kanazale ka mitengo kuno ku Mitundu, koma malo andichepera. Bedi langa ndi la mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali, ndipo mumalowa machubu 1,000. Mnzanga akuti ndikawayala mwa makona atatu ndiwonjezera 150. Kodi n'zoona? Nanga amayala bwanji?"

Mayi, mnzanuyo sananame, koma pa bedi lanulo, m'mene lilili panopa, 150 simuwaona. Muona 95. Enawo akudyedwa ndi m'mphepete, ndipo kuti muwapeze muyenera kusuntha njerwa za m'mbali mwa bedi pang'ono.

Poti mumalowa 1,000, ndiye kuti chubu chanu chikadzaza dothi chimakhala cha masentimita 10 kukamwa kwake, machubu 10 chopingasa ndi 100 chotsata bedi. Komabe yezani kaye. Musatengere muyeso wa chubu chopanda dothi, chifukwa chimene chikuonetsa masentimita 16 chili chophwatalala ndiye chimadzakhala cha 10 mukachidzaza. Ndandalikani machubu khumi odzaza, ogundana bwino, yezani mzere wonsewo, kenaka gawani ndi 10.

Pa kayalidwe kanu ka panopa, pakati pa machubu anayi aliwonse pamatsala chibowo chachikulu ndithu. Mwa makona atatu, mzere wachiwiri umasunthidwa ndi theka la chubu, kotero chubu chilichonse chimalowa pa mpata wa ziwiri za mzere woyamba, zitatuzo n'kukhala ngati mafuwa. Poti chalowa pa mpata, mizere imayandikirana. Kuchoka pakati pa mzere wina kufika pakati pa unzake sikukhalanso masentimita 10 koma 8.66, kapena tingoti 8.7. Chubu china chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, chulukitsani kukamwa kwake ndi 0.866 ndipo mupeza kutalikirana kwa mizere. Nkhani ya mnzanuyo ya 150 pa 1,000, kapena kuti 15 pa 100 aliwonse, imachokera pamenepa. Koma chiwerengero chimenecho n'cha bwalo lopanda malire, pomwe bedi lili ndi mbali zinayi.

Tiyeni tiwerenge lanulo. Mukayala mizere yaitali, yotsata bedi, mzere woyamba utenga masentimita 10, ndipo uliwonse wotsatira uwonjezera 8.66. Mizere 11 idya masentimita 96.6. Otsalawo, atatu ndi pang'ono, palibe chimene chingalowepo. Mizere 6 ikhala ndi machubu 100, ina 5 yosunthidwayo ikhala ndi 99 chifukwa theka la chubu latayika uku ndi uku. Onse pamodzi ndi 1,095. Mukati muyale chopingasa, mizere ikhala 115, wina wa 10 wina wa 9, ndipo muthera pa 1,093. N'chimodzimodzi basi.

Tsono taonani izi. Mizere 12 yaitali imafuna masentimita 105.3. Mukasuntha njerwa za mbali imodzi kuti m'kati mwa bedi mukhale masentimita 106, mzere wathunthu ulowa, ndipo machubu akhala 1,194. Mukatalikitsanso bedilo ndi masentimita 5 okha, mizere yonse ikhala ya 100, ndiye kuti 1,200 ndendende. Mukanapitiriza kuyala mwa makona anayi, masentimita 6 owonjezerawo akanangokhala mpata wopanda ntchito. Ine ndimaona kuti phindu la njirayi lagona apa: muyambe mwasankha mizere imene mukufuna, kenaka mumange bedi loti iikwane, m'malo mokakamiza machubu m'bedi lomangidwa kale. Kungoti musatengeke n'kulikulitsa kupyola masentimita 120, dzanja lidzalephera kufika pakati popalira, mudzayamba kutsamira pa mbande za m'mbali.

Kayalidwe kake sikovuta. Salazani pansi kaye. Kokani chingwe m'mbali imodzi yaitali, muyale mzere woyamba wonse motsata chingwecho, machubu ataima chilili. Mzere wachiwiri uyambe masentimita 5 m'kati, chubu chilichonse muchikankhire pa mpata mpaka chigunde ziwiri zija. Wachitatu uyambire pomwe unayambira woyamba. Timipata totsala kumapeto kwa mizere tsekani ndi zidutswa za njerwa kapena dothi, apo ayi machubu a kumapeto amapendama mukangothirira masiku angapo, ndipo mzere wonse umawatsatira. Mukafika pa mzere wachinayi yezani: kuchokera pa njerwa kufika pothera machubu a mzerewo pakhale masentimita 36. Mukapeza 38 kapena 39, machubu ena sanadzaze bwino ndipo aphwatalala, kapena mzere woyamba wakhota. Konzani pomwepo, chifukwa mzere wa 12 sudzalowa.

Pali kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri, makamaka kwa amene amaokera mbande m'dothi la pa bedi popanda machubu, poti pamenepo palibe chogundana chokuuza kuti wafika. Munthu amasuntha mzere wachiwiri ndi theka, koma mizere n'kuisiya pa masentimita 10 omwe aja. Ukayang'ana zimaoneka ngati makona atatu, koma sanapindule kanthu, wangotaya mbande imodzi pa mizere iwiri iliyonse. Wina amapitirira muyeso, mizere n'kuiika pa masentimita 5, mbande n'kupanikizana. Kuzindikira n'kosavuta. Yezani kuchoka pa mbande imodzi kupita pa inzake ya mzere woyandikana nawo. Mukapeza 11 ndi pang'ono, mizere yatalikirana. Mukapeza 7, yathinana. Pamafunika 10 mbali zonse. Timitengo titatu tofanana, ta masentimita 10, tomangidwa m'makona, timachotsa vuto lonseli: makona awiri pa mbande zokhala kale, kona yachitatu ndiye pobzala.

Koma dziwani chimene mukugulitsa kuti mupeze malowo. Mbande iliyonse inali ndi malo a 100 cm², tsopano yatsala ndi 87, ndipo oyandikana nayo asanduka asanu ndi mmodzi m'malo mwa anayi. Zibowo zija zinkapitsa mphepo. Mu Seputembala ndi Okutobala, kunja kukuuma, mbande zili zazing'ono, palibe chodetsa nkhawa, bola mukumbuke kuti machubu 1,200 amamwa madzi oposa a 1,000, choncho pomwe munkathira makheni asanu muzithira asanu ndi limodzi. Vuto limabwera masamba akagundana, mvula n'kuyamba mbande zisanachoke. Mudzaona za pakati zikutalika n'kuonda, masamba a m'munsi akuchita chikasu n'kuyoyoka, pomwe za m'mphepete zili zazifupi ndi zonenepa. Timbande tikadali tating'ono, chinyezi chikachuluka timaola tsinde polekezera dothi n'kugwa m'magulumagulu. Zikatero chepetsani madzi, chotsaniko udzu wa pa shedi, ndipo mutalikitse machubu.

N'chifukwa chake sindingayale mbande zonse chonchi. Nsangu ndi mthethe, za masamba ang'onoang'ono zomwe zimachoka pa nazale mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale, zikhoza kukhala mwa makona atatu mpaka kumapeto. Mapapaya, mango ndi mbawa, za masamba aakulu, yalani chonchi pa chiyambi pokha. Mango oti mudzawalumikize asiyireni malo kuyambira pachiyambi, manja ndi mpeni zimafuna podutsa.

Podula mizu yoboola pansi, ndipo nsangu ndiye katswiri pa zimenezi, musazule chubu pakati pa bedi, chapanikizidwa mbali zonse ndipo mungang'ambe pulasitiki. Yambirani kumapeto, muzinyamula chimodzichimodzi n'kudula, n'kumayalanso chakumbuyo kwanu, zazitali mbali ina, zazifupi mbali ina. Powerengera wogula musavutike ndi mizere yokhotayo: ikani chizindikiro pa njerwa mita iliyonse, ndipo pa bedi la mizere 12 mita imodzi ndi machubu 120.