Laputopu ya katapila isiye kaye, gula kope

Funso: Bambo mlangizi, ndimaulutsa mapemphero a mpingo wathu pa Facebook Lamulungu lililonse, ndipo amandipatsa K20,000. Tsopano abusa akuti ndizidulamo tizidutswa, ndiziika mitu ndi mawu ofotokoza, kuti tiziponya mkati mwa sabata. Ndimapanga dawunilodi vidiyoyo pa Facebook n'kuyamba kudula, koma laputopu yanga ndi yakale, ntchito imafika mpaka Lachiwiri usiku. Pali munthu akufuna kundibwereka K900,000 pa chiwongoladzanja cha 30% pamwezi kuti ndigule ina. Nditenge? — Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Mphwanga, usatenge. Werenga wekha: 30% ya K900,000 ndi K270,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze n'komwe. Iwe ukulandira K80,000 pamwezi, data ndi kabaza zisanadyepo. Wakatapilayo laputopu adzaitenga mwezi wachiwiri usanathe, ndipo adzayamba kuyang'ananso kamera. Za ngongole zathera pomwepa.

Chikukugoneka mochedwa Lachiwiri si makina. Ndi choti Lamulungu umakhala kuseri kwa kamera maola atatu osalemba kalikonse, ndiye Lolemba umayamba kuonera mapemphero onse kachiwiri, kusakasaka pamene abusa ananena mawu aja anthu anaimirira nawo. Laputopu yatsopano ingafulumizitse kutulutsa fayilo, koma singakuuze kuti mawuwo ali pa mphindi iti. Chimene chingakuuze ndi kope la ana asukulu ndi cholembera.

Uzichita chonchi. Ukangoyamba kujambula, maso azikhala pa nthawi imene pulogalamu yojambulira ikuwerenga, osati pa wotchi ya pakhoma, chifukwa nambala imeneyo ndiyo udzaipeze podula. Uzilemba pamene kwaya yalowa, pamene mawu awerengedwa, pamene ulaliki wayamba ndi pamene watha. Mkati mwa ulaliki uzitchera khutu ku mpingo. Anthu akaseka, akakuwa "Ameni" onse pamodzi, kapena akangoti zii mwadzidzidzi, lemba nthawiyo ndi mawu atatu anayi okukumbutsa. Kumbukira kuti mpingo umayankha mfundo itatha kale, choncho podula ubwerere m'mbuyo mphindi imodzi kapena ziwiri kuti upeze pamene inayambira. Pomatuluka m'tchalitchi ukhale ndi malo asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo usankhepo anayi. Maola atatu a Lolemba aja wawapulumutsa.

Koma pali cholakwa china m'kalata yako chimene chandikwiyitsa kuposa ngongoleyo, ndipo iwe wachilemba ngati chabwinobwino: ukusunga katundu wako pa Facebook. Kuyambira pa 19 Febuluwale 2025, Facebook imasunga mavidiyo oulutsidwa pompopompo kwa masiku 30 okha, kenako imawafufuta. Abusa akadzati pa Khirisimasi, "tipezereni ulaliki uja wa Pasaka," udzawapatsa chiyani? Komanso vidiyo yochotsa kumeneko ndi yofinyidwa kale, ndipo paliponse pamene netiweki inagwedera Lamulungu, chithunzi chinaphwanyika ndipo chidzakhala chophwanyika mpaka kalekale. Tizidutswa timafuna chithunzi choimirira, cha 9:16, pamene kamera yako imajambula chopingasa. Ukamadula umangotengapo gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake, n'kulikulitsa kuti lidzaze foni. Ukachita zimenezi pa vidiyo yofinyidwa, nkhope ya abusa imasungunuka, ndipo anthu amapitirira osaima. Ndiye umalipiranso data kuti uchotse chinthu chimene chinachokera m'makina ako omwe!

Ngati ukuulutsa ndi pulogalamu ya OBS Studio, pali batani la `Start Recording` pansi pa `Start Streaming`. Uzidina onse awiri. Mu `Settings`, pa `Output`, sankha kuti izisunga ngati `mkv`, chifukwa magetsi akazima pakati pa pemphero, fayilo ya `mp4` wamba imatha kuonongeka yonse, pamene ya `mkv` imasunga zonse zimene zinalowa mpaka pomwe anazimira. Mukaweruka pita pa `File`, sankha `Remux Recordings`, isanduke `mp4` yoti CapCut kapena pulogalamu ina iliyonse iitsegule. Sizitenga nthawi chifukwa siikonzanso chithunzi. Ngati laputopu ikulemedwa kuchita ziwiri nthawi imodzi, jambula pa memore khadi ya kamera. Mapemphero a maola atatu pa 6,000 kbps amadya pafupifupi 8 GB, ndiye ngati pali chida choti ugule mwezi uno, ndi hadi dalaivi yakunja, ndipo ugule ndi ndalama yako. Fayilo iliyonse uziitcha tsiku, dzina la mlaliki ndi ndime, osati "vidiyo yomaliza 2".

Tiyerekeze Lamulungu lina abusa alalikira pa 2 Mafumu 4:1-7, za mayi wamasiye amene wangongole ankabwera kudzatenga ana ake awiri. (Ndime imeneyi uiwerenge kawiri, ikukukhudza.) Ulaliki ndi wa mphindi 45. Choyamba dula ulaliki wonsewo pawokha, opanda zolengeza, opanda chopereka, uike pa YouTube pamene sufufutidwa pakatha mwezi. Mutu usakhale "Mapemphero a Lamulungu", chifukwa palibe munthu amene amasaka zimenezo Lachitatu masana. YouTube imalola zilembo 100 pa mutu, koma pa foni mbali yakumapeto imabisika, choncho vuto la munthu libwere poyamba, ndime ndi dzina pambuyo: "Ngongole ikakusowetsa tulo | 2 Mafumu 4:1-7". Mawu ofotokoza ayambe ndi mizere iwiri yonena zimene munthu amve, chifukwa iwiriyo ndiyo imaoneka asanadine kuti awerenge zonse. Pansi pake dzina la mpingo, malo, nthawi ya mapemphero, ndi zigawo za ulaliki zochokera m'kope lija:

```
0:00 Kuwerenga mawu
4:10 Wangongole ali pakhomo
17:35 Uli ndi chiyani m'nyumba?
31:20 Gulitsa mafuta, lipira ngongole
```

Kuti YouTube izisandutse zigawo zodina, yoyamba iyenera kukhala `0:00`, zikhale zosachepera zitatu, ndipo chilichonse chikhale cha masekondi osachepera 10. Chenjera apa: nthawi za m'kope zinawerengedwa kuchokera pamene unayamba kujambula, ndiye uchotsepo nthawi imene ulaliki unayambira. Ngati unayamba pa 1:12:00 ndipo unalemba 1:29:35, pa vidiyo yodulayo ndi 17:35.

Tizidutswa tinayi tija tikhale ta masekondi 40 mpaka 90. YouTube Shorts imalola mpaka mphindi zitatu kuyambira mu Okutobala 2024, koma kuloledwa sikutanthauza kuti munthu wa bandulo yake yochepa adikira. Kachidutswa kayambe pa chiganizo chimene chikumveka chokha kwa munthu amene kunalibe. Kakayamba ndi "monga ndanenera muja", kafa kale. Kathe mfundo itatha, osadula abusa ali pakati pa mpweya, chifukwa mawu a mlaliki ukawadula pakati amatha kunena zimene mwini wake sananene, ndipo wodzaitanidwa kwa akulu ampingo ndiwe. Mawu a pansi pa chithunzi uzilemba wekha m'Chichewa, popeza ambiri amaonera mu minibasi kapena ku ofesi foni ili chete. Imeneyi ndiyo ntchito yodya nthawi, pafupifupi mphindi 40 pa kachidutswa kamodzi.

Zina usazikhudze ngakhale zitakoma bwanji. Umboni wa munthu wonena za matenda ake kapena za banja lake, ndi nkhope za ana a Sande sukulu, sizituluka mwini wake kapena kholo asanavomere. Mayi amene analira kuguwa Lamulungu sanapemphe kuti apongozi ake amuone pa WhatsApp Lachinayi. Nyimbo zojambulidwa kale zimene amaika pa sipika anthu akulowa uzizichotsa, chifukwa makina a YouTube ndi Facebook amazizindikira, ndipo vidiyo imatha kutsekedwa mawu kapena kutsekeredwa m'mayiko ena.

Tsopano ndalama, pakuti ndikudziwa kuti pa K20,000 ija abusa aonjezerapo ntchito yonseyi popanda tambala, iwe n'kungoti "chabwino, abusa". Kudula ulaliki ndi theka la ola, tizidutswa tinayi ndi maola awiri ndi mphindi 40, mitu, mawu ofotokoza ndi kukweza ndi ola lina losakwana. Tingoti maola anayi. Ukadziwerengera K4,000 pa ola, ndi K16,000. Ikapo K4,000 ya data ndi K5,000 ya kutha kwa zida ndi posungira, phukusi limodzi lafika K25,000, pamwezi K100,000. Manambalawa ndangoyerekeza, uikemo ako, koma uwatenge m'kope, osati m'mutu. Kumbuyo kwa kope lomwelo uzilemba ola limene wayamba, limene wamaliza, ndi bandulo imene wagula. Pakatha milungu inayi upite nalo kwa msungichuma wa mpingo. Munthu wobwera ndi tsamba lolembedwa amamumvera mosiyana ndi wobwera n'kudandaula kuti watopa.

Adzakuuza kuti ndi ntchito ya Mulungu. Inde, ndipo ngati ukufuna kupereka, pereka ndi mtima wonse, koma udziwe chimene wapereka: lemba K25,000, pansi pake ulembe kuti wachotsapo K10,000 ngati chopereka chako. Ukapanda kutero, mawa amayi a chigwirizano afuna kachidutswa kawo, mkuja achinyamata, kenako azakhali ako akuti udule vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wawo popeza "zida uli nazo kale". Pepala la mgwirizano likhale lalifupi: ulaliki umodzi, tizidutswa tinayi, mitu ndi mawu ake, zonse zifike Lachiwiri masana, kukonza kamodzi kwaulere, kachidutswa koonjezera K5,000. Lembaninso kuti ndani amavomereza kachidutswa kasanatuluke, munthu mmodzi, osati komiti, komanso kuti mavidiyo ndi a mpingo koma iwe uli ndi chilolezo choonetsa ena ngati chitsanzo cha ntchito yako. Tsamba la Facebook ndi la YouTube zikhale m'dzina la mpingo, iwe ungopatsidwa mpata woponya, kuti tsiku lodzasiyana pasadzakhale mlandu wa pasiwedi.

Tizidutswa tinayito usatiponye tsiku limodzi. Mu Meta Business Suite ndi YouTube Studio muli poikiratu tsiku ndi ola, ndiye ukweze tonse kamodzi, kena katuluke Lachiwiri, kena Lachitatu, kena Lachisanu, komaliza Loweruka madzulo ndi mzere woitanira anthu ku mapemphero a mawa lake.

Mpingo ukavomera, uziika K50,000 pambali mwezi uliwonse. Ukapeza mpingo wachiwiri umene uli ndi woulutsa wake kale koma ulibe wodula, ndipo mipingo yotere ku Lilongwe siisowa, uzisunga K150,000. Pa miyezi isanu ndi umodzi K900,000 yakwana, laputopu ndi yako, ndipo nambala ya mkulu wa 30% uja uifufute lero lomwe.