Yankho anakhoza, nanga malikisi atatu anapita kuti?

"Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi wabwera ndi pepala la mayeso a sayansi ndipo mtima wanga sukukhazikika. Funso lina linati kachitsulo ka 54 g kataikidwa m'madzi, madziwo anakwera kuchoka pa 50 cm³ kufika pa 70 cm³, ndipo ana apeze densite yake. Iye analemba 2.7, lomwe ndi yankho lolondola, koma anapatsidwa malikisi 1 pa 4. Mnzake analemba 2.16 g/cm³, lomwe ndi lolakwika, koma anapatsidwa 3. Kodi kumeneku si kukondera? Ndikadandaule kwa ahedi?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndinali nditagwira cholembera, chifukwa nambala ya mnzake uja inandipatsa chidwi kuposa ya mwana wanu. Mukagawa 54 ndi 2.16 mumapeza 25, kutanthauza kuti mtsikanayo anatenga voliyumu ya kachitsuloko kukhala 25 cm³ m'malo mwa 20 cm³. Mwina anaphonya pochotsera, mwina anakopera nambala molakwika kuchokera pa funso, koma atachoka pamenepo zonse anachita mwadongosolo: anadziwa kuti densite imapezeka pogawa masi ndi voliyumu, anagawa bwino manambala omwe anali nawo, ndipo anamaliza ndi yuniti yoyenera. Pa funso lotere aphunzitsi ambiri timagawa malikisi anayiwo motsata masitepe. Oyamba ndi a kupeza voliyumu, 70 − 50 = 20 cm³, achiwiri ndi a fomula, achitatu ndi a kugawa, 54 ÷ 20 = 2.7, ndipo omaliza ndi a yuniti, g/cm³. Wolakwa sitepe yoyamba amalangidwa pa sitepe yomweyo basi, sitimulanganso pa masitepe otsatira pamene akuyenda bwino ndi nambala yake yolakwikayo. Choncho malikisi 3 a mnzakeyo sandidabwitsa konse, ndipo ine ndikanampatsa omwewo. Chimene chikufunika kuchiyang'anitsitsa ndi 1 wa mwana wanu, koma ndisanafike pamenepo ndiloleni ndiulule mlandu wanga.

M'zaka zanga zoyambirira za uphunzitsi ndinapereka funso lofanana ndi limeneli, la kachidutswa ka aluminiyamu ka 81 g komwe voliyumu yake inali 30 cm³. Aluminiyamu timaikonda pa mafunso otere chifukwa densite yake ndi pafupifupi 2.7 g/cm³ ndipo manambala ake amagawika mosavuta. Ndinachonga mapepalawo usiku, mulu wonse tsiku limodzi, ndipo pofika pakati pa muluwo ndinali nditasiya kuwerenga, maso ankangosakasaka 2.7. Ndikamuona ndinkachonga, ndikapanda kumuona ndinkathetha. Pepala la mnyamata wina wofatsa, yemwe ankakhala pafupi ndi zenera ndipo sankakonda kukweza mkono m'kalasi, linali ndi 2700 pamapeto, ndipo ndinalithetha ndi cholembera chofiira mwamphamvu moti inki inaonekera kuseri.

Patatha masiku atatu bambo ake anabwera kusukulu, pepala lili m'manja, mwana ali pambuyo. Analankhula mwaulemu ndithu, koma ine ndinamva ngati akundiyesa nzeru, ndipo ndinayamba kuwafotokozera za zaka zomwe ndinakhala kukoleji ndi za makolo amene amakhulupirira chilichonse chimene mwana wanena kunyumba. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi. Bambowo sanandiyankhe, anangotembenukira kwa mwana wawo namuuza kuti anene yekha. Mnyamatayo, maso ali pansi, anati anayamba wasintha manambala onse: 81 g anailemba 0.081 kg, 30 cm³ anailemba 0.00003 m³, ndipo atagawa anapeza 2700 kg/m³. Ndinatenga pepalalo n'kuyang'ana, ndipo zonsezo zinalipo, zolembedwa bwinobwino pamwamba pa mzere wanga wofiirawo. Yankho lake linali lolondola kotheratu, pakuti 2.7 g/cm³ ndi 2700 kg/m³ ndi densite imodzimodzi, ndiponso iye ndiye anagwiritsa ntchito mayuniti a SI, a makilogalamu ndi mamita, amene ine ndemwe ndinkawalimbikitsa m'kalasi. Ndinapepesa kwa bambo ndi kwa mwana yemwe, ndipo madzulo ake ndinaitanitsanso mapepala a kalasi yonse, momwe ndinapezamo ana ena awiri amene ndinawalakwira chimodzimodzi koma iwo anangokhala chete.

Kuyambira tsiku limenelo sindigwirizana ndi mphunzitsi aliyense amene amakwiya kholo likafunsa za malikisi. Timachonga titatopa, timaphonya powonkhetsa, timadumpha yankho lolembedwa kuseri kwa tsamba, ndipo nthawi zina timakakamira njira imodzi yolembedwa pa pepala lathu la mayankho ngati kuti sayansi ilibe njira ina. Mphunzitsi amene sangathe kuloza mzere ndi mzere pamene malikisi apezeka ndi pamene atayika sanamalize ntchito yake yochonga, ngakhale atakhala ndi zaka zambiri bwanji pantchito. Ndipo amene amabwezera mkwiyo wake pa mwana chifukwa kholo labwera kudzafunsa, ameneyo ndiye ndilibe naye mawu abwino ngakhale pang'ono.

Komabe nkhani yomweyi ndi imene ikundiletsa kukuuzani kuti mwana wanu anakhoza zonse. Chimene chinapulumutsa mnyamata uja ndi chakuti analemba kg/m³ ndiponso anaonetsa njira yake, moti panali umboni woti n'kuuloza. Akanalemba 2700 yekhayekha, palibe akanadziwa ngati anasintha mayuniti mwanzeru kapena anangosokoneza malo a kadontho. Nayenso 2.7 wopanda yuniti sanena kanthu kokwanira, chifukwa 2.7 g/cm³ ndi chitsulo chimene chimamira m'madzi, popeza densite ya madzi ndi pafupifupi 1 g/cm³, pamene 2.7 kg/m³ ndi chinthu chopepuka ngati mpweya, choposa pang'ono kawiri densite ya mpweya umene tikupumawu. Makolo ambiri amaona ngati kudula malikisi chifukwa cha yuniti ndi nkhanza za aphunzitsi okonda tinthu ting'onoting'ono, koma mu 1999 bungwe la ku America la NASA linataya chombo chake cha m'mlengalenga cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina la akatswiri linkapereka manambala m'mayuniti a mapaundi pamene pulogalamu yowalandira inkayembekezera manyutoni. Malikisi a yuniti amenewo mwana wanu anawataya mwachilungamo, ndipo musawapemphe n'komwe.

Otsala ndi malikisi awiri, a voliyumu ndi a fomula, ndipo apa ndi pamene dandaulo lanu likhoza kukhala ndi mutu. Palibe lamulo limodzi lomwe aphunzitsi onse a sayansi amatsata pa yankho lolondola lomwe labwera lopanda njira. Ena amati mwana sangafike pa 2.7 popanda kuchotsera ndi kugawa, kotero nambalayo payokha ndi umboni woti masitepe anawadutsa, ndipo kwa iwo pepala la mwana wanu ndi la malikisi 3 pa 4. Ena amati malikisi a njira ndi a njira yooneka ndi maso, chifukwa nambala yokha ikhoza kuonedwa pa pepala la woyandikana naye kapena kukumbukiridwa kuchokera m'buku, makamaka nambala yodziwika ngati ya aluminiyamu. Kachongedwe konse kawiri kali ndi nzeru yake, ndipo ine ndimatsata kachiwiri, koma kamakhala kachilungamo pokhapokha ngati ana anauzidwa asanalembe. Ngati pa funsolo kapena pa malangizo a patsamba loyamba panalembedwa kuti aonetse njira yonse, malikisi 1 aja ndi oyenera, ngakhale akuwawa. Ngati sipanalembedwe, ndipo m'kalasi sizinanenedwepo, mphunzitsi sayenera kulanga mwana chifukwa cha lamulo lomwe linali m'mutu mwake mokha. Pamenepa sindisuntha, ngakhale ndikudziwa kuti anzanga ena a ntchito sakondwa ndikamatero.

Pali chinanso chimene ndachiona kwa zaka zambiri, chakuti ana amene amalemba yankho lokha kawirikawiri ndi ana anzeru, amene amawerengera mumtima kapena pa kapepala kapambali n'kukataya potuluka. M'makalasi ang'onoang'ono chizolowezichi chimawapindulira chifukwa amamaliza msanga ndipo amatamandidwa, koma mafunso akayamba kukhala ndi masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi chimawagwetsa, popeza akaphonya nambala imodzi amataya zonse pamene anzawo olemba mzere ndi mzere amatola malikisi m'njira. Mwana wanu akanaphonya pochotsera monga anachitira mnzake uja, n'kulemba 2.16 yekha, akanapeza 0.

Musanapite kwa ahedi

Yambani mwaonana ndi mphunzitsi mwini wake, chifukwa nkhani ikayambira ku ofesi ya ahedi imasanduka mlandu, ndipo munthu woimbidwa mlandu amateteza dzina lake m'malo moyang'ana pepala, monga ndinachitira ine. Musananyamuke, khalani pansi ndi mwanayo muwerenge mawu enieni a funsolo ndi malangizo a patsamba loyamba, muwonkhetsenso malikisi a pepala lonse, ndipo muone kuseri kwa masamba ngati palibe ntchito yomwe sinachongedwe. Pa pepalalo musalembepo kapena kufufutapo kanthu, ngakhale kakang'ono, chifukwa chilembo chimodzi chatsopano chimachititsa kuti zonse zikayikiridwe. Mukafika, pemphani kuti akuonetseni mmene malikisi anayiwo anagawidwira, ndipo mufunse ngati ana onse amene analemba yankho lopanda njira anapatsidwa 1. Limeneli ndilo funso loyesera kukondera, chifukwa kukondera kumaoneka pamene mayankho awiri ofanana alandira malikisi osiyana, pomwe mapepala awiri amene mwandiuzawa ndi osiyana kwambiri. Dzina la mnzake uja musalitchule, pakuti pepala lake si lanu ndipo mukhoza kudanitsa ana pachabe.

Mphunzitsi akakana kukuonetsani kagawidweko, kapena mukapeza kuti wina analemba 2.7 yekha n'kupatsidwa 3, pamenepo pitani kwa mkulu woyang'anira maphunziro a sayansi pasukulupo kapena kwa ahedi, mukapemphe kuti mphunzitsi wina achongenso. Dziwani kuti wochonganso amayang'ana pepala lonse, ndipo malikisi akhoza kukwera, kukhala pomwepo kapena kutsika ngati penapake mwanayo anapatsidwa mopitirira. Mwana wanuyo mupite naye, ndipo mumulole afotokoze yekha mmene anapezera 2.7, atagwira cholembera ndi pepala lina loyera.