Foni ikuti "Saved" koma wayifayi ikungodukaduka

"Zikomo achimwene. Foni yanga ya Samsung ikulemba Saved pa wayifayi ya kunyumba. Ikalumikiza pang'ono imaduka, kulumikizanso, kudukanso. Mafoni a ana akugwira bwinobwino pa rauta yomweyo. Wokonza mafoni wati ndibweretse aiflashe. Ndipite nayo?"

Musapite nayo, mayi. Mawu oti "aiflashe", kutanthauza kufufuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yake mwatsopano, ndi amene andichititsa kuti ndiyankhe kalata yanu lero lomwe, ena amene ananditumizira mafunso kale andikhululukire.

Mlamu wanga ali ndi kashopu ka fotokope ndi kusindikiza zikalata. Dzinja lina magetsi atathima n'kubwera mwamphamvu, rauta yake inapsa. Anagula ina, ndipo mnyamata amene anadzailumikiza anachita zanzeru: anaipatsa dzina lomwe linali pa yakale ndi pasiwedi yomweyo, kuti aliyense amene ankagwiritsa ntchito wayifayi ya pashopupo asavutike kulembanso. Kompyuta inalowa yokha. Foni ya mtsikana wothandiza pashopu inalowa yokha. Ya mwini wake wa rauta ndiye inakana. Kachizindikiro ka wayifayi kankabwera pamwamba, kukhala kanthawi, n'kuzimiririka, ndipo pansi pa dzina la netiweki pankabwerera mawu aja oti Saved. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi yonse imene wayifayi yaduka, foni inkatembenukira ku deta ya pa simu mwakachetechete. Mlamu ankatsegula zikalata za makasitomala pa WhatsApp akuganiza kuti ali pa rauta, pamene bandulo yake ikupita. Anazindikira uthenga woti bandulo yatha utalowa.

Naye anauzidwa zomwezo: foni yalowa vayirasi, ibwere iflashidwe. Mtengo anali atagwirizana kale. Ine ndinangofika kudzasindikiza makalata, n'kupeza akukopera manambala a anthu m'kope kuti asatayike.

Ndinapempha foniyo, n'kutsegula Settings, Connections, Wi-Fi, n'kudina kagudumu kali pambali pa dzina la netiweki, kenako View more. Pa IP settings panalembedwa Static, ndipo pansi pake panali izi:

```
IP address: 192.168.1.50
Gateway: 192.168.1.1
```

Nditayang'ana foni ya mtsikana uja, imene inkagwira bwino, adiresi yake inkayamba ndi 192.168.8, ndipo Gateway inali 192.168.8.1. Nkhani yonse inali pamenepo. Mwachizolowezi foni ikalowa pa wayifayi imapempha rauta kuti iipatse adiresi, ndipo dongosolo limeneli pa sikirini limalembedwa DHCP. Koma wina wake kalekale, mwina pofuna kuthetsa vuto lina, analembera foni ya mlamu adiresi yokhazikika yogwirizana ndi rauta yakale. Rauta yatsopano inkalandira pasiwedi bwinobwino, n'chifukwa chake kachizindikiro kankabwera. Kenako foni inkafunafuna 192.168.1.1, khomo lotulukira ku intaneti la rauta imene inapsa ija, osalipeza, n'kusiya. Pakapita kanthawi inkayesanso ndi manambala omwewo. Ikanapitiriza choncho mpaka batire kutha.

Ndinadina Forget, kusankhanso netiweki pa mndandanda, kulemba pasiwedi yomwe ija. Foni inalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.8 ngati anzake, ndipo sinadukenso.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti Saved sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Ndi foni ikungokuuzani kuti ili ndi zolemba zake za netiweki imeneyi: dzina, pasiwedi, mtundu wa chitetezo, njira yopezera adiresi, ndiponso Proxy, kompyuta ina yodzerapo popita ku intaneti, ngati wina anaikapo. Zolembazo inazilemba tsiku loyamba limene munalumikiza, ndipo simazisintha yokha. Zili ngati munthu amene akufikabe ndi kiyi wakale pakhomo pamene anasintha loko: nyumba ndi yomweyo, nambala ya pageti ndi yomweyo, koma chitseko sichitseguka. Kuzimitsa foni n'kuyatsanso sikufufuta zolembazo. Kuyatsa Flight mode n'kuzimitsa sikuzifufuta. N'chifukwa chake mumayesa zonsezo n'kumadabwa kuti palibe chikusintha.

Ndiye apa pali chimene chimandipsetsa mtima. Kuflasha foni kumathetsadi vutoli. Kumalithetsa chifukwa kumafufuta chilichonse, ndipo m'kati mwa chilichonsecho muli kazolemba kamodzi kolakwika kaja. Wokonza amakubwezerani foni ikulowa pa wayifayi, inu mumathokoza, mumalipira, mumauzanso anzanu kuti ujeni ndi katswiri. Koma zithunzi za ana, mauthenga amene sanasungidwe kwina, manambala amene anali m'foni osati pa akaunti, zonse zapita. Ena akafika kunyumba amapeza foni ikufuna pasiwedi ya akaunti ya Google imene anawatsegulira wogulitsa foni zaka zapitazo, ndipo ulendo wachiwiri wopita kwa wokonza umayamba. Sindikunena kuti okonza onse ndi akuba, ayi. Alipo amene amasintha sikirini ndi potchajira mwaluso loti ine sindingayerekeze. Koma amene akuuzani za kuflasha asanatsegule n'komwe tsamba la Wi-Fi, pa foni imene china chilichonse chikugwira, ameneyo ndi waulesi kapena akufuna ndalama yanu. Poyamba ndinkati mwina ena sadziwa chabe. Pano ndikuti munthu wokhala ndi benchi yokonzera mafoni alibe chifukwa chosadziwira izi.

Chimodzimodzi ndi timapulogalamu tija tolonjeza kuwonjezera mphamvu ya wayifayi. Musaike. Pulogalamu singakulitse kanyanga kolandirira mafunde kamene kali m'kati mwa foni. Chimene timachita n'kukuonetsani malonda ndi kudya batire, ndipo tina timadula n'kulumikizanso wayifayi kuti muziganiza kuti tikugwira ntchito.

Ya mlamu inali adiresi, koma yanu ikhoza kukhala ina. Imene ndimakumana nayo kawirikawiri m'nyumba za ana ndi pasiwedi. Mwana amasintha pasiwedi pa rauta kuti atseke anzake a pafupi amene akumaliza bandulo, amaika yatsopano m'foni yake ndi ya mng'ono wake, n'kuiwala ya amayi. Afunseni anawo musanachite china chilichonse, ndipo muwayang'ane kumaso poyankha. Ina ndi ya mtundu wa chitetezo. Marauta ambiri akhala akugwiritsa ntchito WPA2 kuyambira 2004, koma mu 2018 kunabwera WPA3, ndipo marauta atsopano ena amabwera ataikidwa pa WPA3 kapena pa zonse ziwiri pamodzi. Rauta ikasinthidwa, kapena ikalandira pulogalamu yatsopano, foni imene inasunga netiwekiyo pa chitetezo chakale nthawi zina imasokonezeka ngakhale dzina ndi pasiwedi zili zomwezo. Komanso Android ikalephera kulowa kangapo motsatizana imayamba kuipewa netiwekiyo kwa kanthawi, osayesanso yokha, ndiye inu mumangoona Saved ili phee pamene rauta ili pamphuno panu. Kuiwalitsa netiweki podina Forget kumachotsa zolemba zakale zonsezi nthawi imodzi, ndipo simufunika kudziwa kuti cholakwika chinali chiti.

Werengani mawu ali pansi pa dzina

Musanadine kanthu, dinani dzina la netiweki n'kuyang'anitsitsa mawu ang'onoang'ono amene akusintha pansi pake. Ikafika pa Authentication error kapena Incorrect password, nkhani ndi pasiwedi kapena chitetezo. Ikakakamira pa Obtaining IP address n'kubwerera ku Saved, ndiye kuti pasiwedi yadutsa koma rauta siikupereka adiresi. Ikalemba Connected without internet, foni ndi rauta zamvana, koma mwina manambala ndi olakwika ngati a mlamu aja, mwinanso bandulo ya mu rauta yatha. Chomalizachi mwachichotsa kale inuyo, popeza ana akugwiritsa ntchito intaneti yomweyo.

Tsopano chitani izi. Choyamba pezani pasiwedi yolondola, chifukwa mukaiwalitsa foni yanu sidzaikumbukanso. Ngati palibe amene akuidziwa pamtima, tengani foni ya mwana imene ikugwira, tsegulani netiwekiyo n'kudina QR code kapena Share. Mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo ali nazo zimenezi, ndipo mukhoza kujambula kachithunziko ndi foni yanu m'malo molemba. Kenako pa foni yanu pitani Settings, Connections, Wi-Fi, dinani kagudumu kapena gwirani dzina la netiweki kwa kanthawi, sankhani Forget. Zimitsani Wi-Fi, dikirani pang'ono, yatsani, sankhani dzinalo n'kulemba pasiwedi. Dinani kadiso kuti muone zimene mukulemba: chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana, 0 ndi O amafanana, ndipo pasiwedi ya wayifayi siichepera zilembo 8. Owerenga amene muli ndi Tecno, itel kapena Infinix, mawuwo ndi Forget omwewo pansi pa Wi-Fi. A iPhone dinani kachilembo ka i pambali pa dzina, kenako Forget This Network.

Poyesa ngati zatheka, zimitsani deta ya pa simu kaye, apo ayi foni ikunamizani ngati mmene inanamizira mlamu.

Pali pamene kuiwalitsa sikuthandiza, ndipo ndisakubisireni. Ngati foni imaduka mukakhala kuchipinda kokha koma pabalaza ili bwino, vuto ndi mtunda ndi makoma, makamaka ngati mwalowa pa dzina lothera ndi 5G, limene ndi la mafunde a 5 GHz. Amenewa amathamanga koma sadutsa bwino khoma la njerwa, ndiye sankhani dzina linalo la 2.4 GHz. Ngati rauta yanu ndi kamayifayi ka m'thumba, kali ndi malire a zipangizo zimene kangalandire nthawi imodzi, kambiri ndi 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kakadzaza wobwera pomaliza amatsala panja. Ndipo ngati mwana wochenjera anatseka foni yanu mu rauta momwemo pa MAC filter, mndandanda wa zipangizo zoletsedwa kulowa, mukhoza kuiwalitsa mpaka madzulo osalowa, mpaka aichotse pa mndandandawo.

Ikadukabe, zulani rauta kumagetsi kwa theka la mphindi n'kuilumikizanso. Ikakanabe, pitani Settings, General management, Reset, n'kusankha zobwezeretsa za netiweki zokha, zimene pa Samsung zambiri zimalembedwa Reset network settings ndipo pa zatsopano Reset Wi-Fi and Bluetooth settings. Zimenezi zimafufuta mawayifayi onse osungidwa ndi zipangizo za Bluetooth, koma zithunzi ndi mauthenga sizikhudzidwa. Musadine Factory data reset imene ili pafupi pomwepo. Pomaliza pemphani mwana ayatse Mobile Hotspot pa foni yake, mulumikize yanu muli naye pafupi. Ikakhazikika pamenepo, foni yanu ilibe vuto ndipo zokonza zili mu rauta. Ikamadukanso pamenepo ndi kwa aneba komwe, makamaka ngati inagwapo kapena kunyowa posachedwapa, ndiye mupite nayo kwa wokonza akaone kanyanga ka m'kati, mutasunga kaye zithunzi zanu kwina.