Dipirishiyeshoni, msonkho ndi mpamba woyendetsera ntchito: bwanji NPV yanu yatsika pansi pa ziro?

"Zikomo chifukwa cha zimene mumalemba. Kuntchito andiuza kuti ndiwerengere ngati makina atsopano angatipindulire pa zaka zitatu. Abwana akuti dipirishiyeshoni ndiibwezere yonse pa phindu, koma buku limene ndinaphunzira likuti ndiichulukitse ndi mlingo wa msonkho. Akulondola ndani? Chinanso, nditachotsa mpamba woyendetsera ntchito chaka chilichonse, NPV yatuluka yochepera ziro. Sipuredishiti ndakutumizirani."

Zikomo m'bale wanga, sipuredishiti ndaiona bwinobwino. Abwana anu ndi buku lanu akukamba chinthu chimodzi, angosiyana poyambira. Chimene chagwetsa NPV yanu, kutanthauza mtengo wa lero wa ndalama zonse zimene polojekiti idzabweretse kuchotsapo zimene mukutulutsa, ndi mzere wa mpambawo, ndipo ukakonzedwa makinawa akuoneka kuti ngopindulitsa. Manambala anu ndawafupikitsa pochotsa maziro atatu akumapeto, choncho ndikalemba 600 mudziwe kuti ndi 600,000.

Makina akugulidwa pa 600 ndipo mtengowo mwaugawa mofanana pa zaka zitatu, 200 chaka chilichonse, yomwe ndi dipirishiyeshoni yanu. Malonda mukuyembekezera 800, kenako 1,000, kenako 900. Zolipira zenizeni, monga zipangizo, malipiro a antchito ndi magetsi, zikudya 60 peresenti ya malonda, ndiye chotsala ndi 320, 400 ndi 360. Msonkho mwaika 30 peresenti.

Tsiku limene mukulipira makina ndi limene ndalama imatuluka, yonse 600 nthawi imodzi. Ija 200 imene akawuntanti amalemba chaka ndi chaka palibe amene amapita kubanki kukailipira. Ndi njira chabe yogawira mtengo wa makina pa zaka zimene agwire ntchito. Komabe a msonkho amalola kuti muichotse pa phindu musanawerengere msonkho, ndipo apa pokha ndi pamene dipirishiyeshoni imakhudza ndalama ya m'thumba: imachepetsa zimene mukanapereka kuboma.

Njira ya abwana imayenda chonchi m'chaka choyamba. Pa 320 chotsani 200, patsala 120. Msonkho wake ndi 36, ndiye phindu la m'mabuku ndi 84. Popeza 200 ija sinatuluke, mumaibwezera, ndipo ndalama yeniyeni ndi 284.

Njira ya buku imayamba ngati kuti dipirishiyeshoni kulibe. Msonkho wa 320 yonse ukanakhala 96, n'kutsala 224. Koma simunapereke 96, mwapereka 36. Kusiyana kwake ndi 60, yomwe ndi 200 kuchulukitsa ndi 30 peresenti. Umenewu ndi msonkho umene mwapulumutsa. Onkhetsani 224 ndi 60, mupeza 284 yomweyo.

```
(320 - 200) * (1 - 0.30) + 200 = 284
320 * (1 - 0.30) + 200 * 0.30  = 284
```

Anthu ambiri amagwa akasakaniza njira ziwirizi. Wina amatenga 84 ya abwana n'kuikapo 60 ya buku, n'kupeza 144, zomwe zikunyoza polojekiti. Wina amatenga 224 ya buku n'kuikapo 200 yonse, n'kupeza 424, ndalama yoposa 320 imene inalipo msonkho usanachotsedwe. Mukaona nambala yoposa imene munayambira m'chaka chimene phindu lilipo, dziwani kuti china chawerengedwa kawiri. Ine ndimakonda njira ya buku chifukwa msonkho wopulumutsidwa umakhala ndi mzere wakewake, umaoneka ndi maso, ndipo munthu akhoza kufunsa ngati udzabweradi. Koma pa sipuredishiti sungani zonse ziwiri, pansi pake muike kabokosi kochotsa ina pa inzake. Kabokosiko kazisonyeza ziro chaka chilichonse. Chaka chachiwiri mupeza 340, chachitatu 312.

Tsopano tibwere pa mzere umene wakupwetekani. Mpamba woyendetsera ntchito ndi ndalama imene yamangika m'katundu wa m'sitoko ndi m'ngongole za makasitomala amene sanalipire, kuchotsapo zimene inu simunalipire kwa okugulitsani zipangizo. Mwaganiza kuti ukhale 10 peresenti ya malonda a chaka chikubweracho, ndipo ganizo limenelo lili bwino, chifukwa sitoko imagulidwa malonda asanachitike. Ndiye polojekiti isanayambe mufunika 80, kumapeto kwa chaka choyamba 100, kumapeto kwa chachiwiri 90, ndipo pomaliza ziro. Mpaka apa palibe cholakwika.

Vuto n'lakuti manambala amenewa munawatenga momwe alili n'kuwachotsa: 80, kenako 100, kenako 90, zonse pamodzi 270, ndipo palibe pamene inabwerera. Koma taganizani zimene zimachitika m'nyumba yosungira katundu. Chaka choyamba chikamatha, 80 ija ilipo kale, ikungozungulira: sitoko yagulitsidwa, kasitomala walipira, ndalamayo yagulanso sitoko ina. Kuti mufike pa 100 simukutulutsa 100 yatsopano, mukungowonjezera 20. Zili ngati madzi a m'thanki: thanki ikakhala ndi malita 80 ndipo mukufuna 100, mumatunga 20 yokha. Chaka chachiwiri chikamatha malonda akutsika, mufunika 90, ndiye 10 ikumasuka n'kubwerera m'thumba. Polojekiti ikatha, sitoko yomaliza imagulitsidwa osagulanso ina, makasitomala amamaliza ngongole zawo, ndipo 90 yotsala imabwerera.

Choncho pakufunika mizere iwiri. Woyamba ukhale wa mpamba umene ukufunika, wachiwiri ukhale wa kusintha kwake, ndipo wachiwiriwo wokha ndi umene ulowe m'chiwerengero chomaliza. Mpamba ukakwera ndalama yatuluka, ukatsika yalowa: -80, -20, +10, +90. Onkhetsani manambala anayiwa. Ngati mwaganiza kuti zonse zibwerera, yankho liyenera kukhala ziro, ndipo kumeneku ndi kuyesa kophweka kumene kukanakuonetsani cholakwikacho msanga. Musachotsenso msonkho pa mzere umenewu. Msonkho unawerengedwa kale pa phindu la malonda, ndipo kumanga ndalama m'sitoko kapena kuimasula si phindu kapena kuluza.

Mwina mungafunse kuti ngati zonse zimabwerera, tikuvutikiranji kuzilemba? Chifukwa chake ndi nthawi. Ndalama mwaitulutsa lero, ikubwera patapita zaka zitatu, ndipo pakatipo sinagwire ntchito ina. Pa mlingo wanu wa 10 peresenti pachaka wosinthira ndalama za mtsogolo kukhala mtengo wa lero, kudikira kumeneku kukudyerani pafupifupi 22. Ndi ndalama ndithu, koma si 270.

Patsala za makinawa akadzatha ntchito. Mwati pomaliza mudzawagulitsa pa 50, ndipo munalemba 50 yonse. M'mabuku a msonkho makinawa adzakhala atafika pa ziro, ndiye m'malamulo a mayiko ambiri ndalama yoposa mtengo wotsala m'mabuku imakhomedwa msonkho. Pa 50 msonkho ndi 15, mutsala ndi 35.

Tikaika zonse pamodzi, mzere womaliza ukuoneka chonchi:

```
chaka 0: -600 - 80       = -680
chaka 1:  284 - 20       =  264
chaka 2:  340 + 10       =  350
chaka 3:  312 + 90 + 35  =  437
```

Pa 10 peresenti, 264 ya chaka choyamba ndi 240 ya lero, 350 ndi pafupifupi 289, ndipo 437 ndi pafupifupi 328. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 858, kuchotsa 680, NPV ili cha pa 178. Mukasiya zina zonse momwemu koma mpamba n'kuuchotsa monga munachitira poyamba, yankho limakhala cha pa -45. Mzere umodzi wokha ukanakanitsa makina abwino. Polemba mu Excel chenjerani ndi chaka cha ziro, chifukwa NPV imatenga nambala yoyamba imene mwaipatsa ngati yobwera patatha chaka. Chaka cha ziro, chimene pano chili mu B20, chikhale kunja: `=B20+NPV(10%,C20:E20)`.

Ndinaonanso kuti pansi penipeni munayamba mzere wa chiwongoladzanja cha ngongole yogulira makina, n'kuusiya wopanda kanthu. Musaudzaze. Mtengo wa ndalama zobwereka uli kale mkati mwa 10 peresenti ija ngati munaitenga monga mtengo wa mpamba wonse wa kampani, ndipo kuuchotsanso ndi kulipira kawiri.

Musanathamangire kwa abwana ndi 178, pali chinthu chimene ndikufuna muchiyang'ane modekha. Msonkho wopulumutsidwa, 60 pa chaka kwa zaka zitatu, mtengo wake lero ndi pafupifupi 149. Ndiye kuti gawo lalikulu la NPV yanu latsamira pa mzere umenewu, ndipo mzerewu uli ndi malire ake awiri.

Oyamba ndi akuti a msonkho samatsata dipirishiyeshoni imene kampani yasankha m'mabuku ake. Ali ndi milingo yawo malinga ndi mtundu wa katundu. Kwina amalola kuchotsa gawo lalikulu m'chaka choyamba, kwina amatenga peresenti ya mtengo wotsala chaka ndi chaka, kwina amatambasula pa zaka zambiri kuposa zimene inu mukuganiza. Nthawi zambiri msonkho wonse wopulumutsidwa susintha kwenikweni, chimasintha ndi chaka chimene ukubwera, ndipo wobwera msanga ndi wamtengo wapatali kuposa wochedwa. Mlingo wa a msonkhowo umasinthanso mtengo wotsala pa tsiku logulitsa makina, ndiye 15 ija nayo isintha. Pitani kwa amene amakonza za msonkho pakampani panu, mufunse mlingo weniweni wa makina amtunduwu, muike umenewo m'malo mwa 200.

Achiwiri ndi akuti sungapulumutse msonkho umene sukanaupereka. Tiyerekeze kuti chaka choyamba malonda afika 400 yokha. Chotsala ndi 160, kuchotsa 200, mwaluza 40, ndipo sipuredishiti ikulemberani msonkho wa -12 ngati kuti boma likupatsani ndalama. Nambala imeneyi ndi yoona pokhapokha kampani ili ndi phindu kumbali zina limene 40 iyi ingachepetse. Ngati palibe, msonkho wa chaka chimenecho ndi ziro basi, ndipo kumene malamulo amalola, kuluzako kumasungidwa kuti kudzachepetse phindu la chaka chotsatira. Pa manambala anu apano phindu lilipo zaka zonse zitatu, ndiye simukhudzidwa, koma mukamayesa malonda otsika muziyang'ana mzere wa msonkho ngati watembenuka.

Pa 90 yobwerera pomaliza, ine sindingailembe yonse ndisanaone mmene makasitomala anu amalipirira. Sitoko yomaliza kawirikawiri imagulitsidwa motsika mtengo, ndipo ngongole zina sizibwera. Funsani a kumaakaunti kuti pa zaka zapitazi ngongole zosabwezedwa zinali gawo lanji la malonda. Ngati pangabwerere 70 yokha, NPV itsika ndi pafupifupi 15, kufika cha pa 163, ndipo makinawa akadali opindulitsa. Nambala ziwirizi, 178 ndi 163, muziike moyandikana pa pepala limene mukapereke kwa abwana, pamodzi ndi mlingo wa dipirishiyeshoni umene a msonkho amalola.