Makumba, matemba ndi mlamba: pa Chizungu ndi pa sayansi tizilemba chani?

Funso: Ine ndili ku Chinamwali, ndimaoda nsomba ku Kachulu nkumaziika m'mapaketi. A shopu ina akuti pa lebulo ndilembe dzina la Chichewa, la Chizungu ndi la sayansi. Mwana wanga wafufuza pa foni akuti makumba ndi chambo basi, pa Chizungu tilapia, dzina la sayansi Oreochromis niloticus. Matemba akuti sardine. Ndisindikize zimenezi?

Achemwali, musasindikize kaye chonde, mungataye ndalama ya mapepala. Mwanayo sanachite ulesi ayi, koma foni yamupatsa dzina la nsomba yomwe ili yotchuka kunjaku osati yomwe ili mu dengu lanu. Oreochromis niloticus ndi Nile tilapia, nsomba yomwe amaweta kwambiri m'maiko ena, si ya m'nyanja ya Chilwa ndipo si ya m'nyanja ya Malawi. Imadziwika ndi timizere tambirimbiri todutsa pamchira. Tengani khumba limodzi mwa anuwo muone mchira wake, timizere timeneto simutipeza.

Vuto lagona pa mawu oti tilapia. Mawu amenewa ali ngati mawu athu oti ndiwo zamasamba, mkati mwake muli zambiri. Chambo ndi tilapia, makumba ndi tilapia, chilunguni nachonso ndi tilapia, ndiye munthu ukayambira ku Chichewa kupita ku Chizungu, kenako nkuchoka pa Chizungupo kukasaka dzina la sayansi, umasochera pakatipo chifukwa Chizungucho chaphatikiza nsomba zomwe asodzi athu anazisiyanitsa kalekale. Apa Chichewa ndiye chikunena zolunjika kuposa Chizungu, ndipo zimandiwawa ndikamaona anthu akutaya dzina lolunjikalo nkumathamangira losokonezalo poganiza kuti ndiye lophunzira.

Tiyambe ndi makumba anuwo. Dzina lake la sayansi ndi Oreochromis shiranus, ndipo mawu achiwiriwo akuchokera ku dzina la mtsinje wa Shire, nchifukwa chake pa Chizungu ena amalemba Shire tilapia. Makumba a ku Chilwa akatswiri anawapatsa kadzina kachitatu, Oreochromis shiranus chilwae, kusonyeza kuti ndi mtundu womwewo koma wa nyanja yathuyi, ndipo amakhala ocheperako msinkhu poyerekeza ndi a ku Shire. Amene anapereka kadzinako ndi mayi wina wa ku Mangalande, Ethelwynn Trewavas, yemwe anathera zaka zambiri pa nsomba za mtundu umenewu. Pa lebulo mawu awiri oyambawo ndi okwanira, koma mukafuna kuti wogula adziwe kuti ndi za kwathu kuno lachitatulo liikeni.

Chambo ndiye nkhani ina. Kwa asodzi a ku Mangochi, chambo si nsomba iliyonse yooneka motero ayi, ndipo kwa asayansi si mtundu umodzi. Dzina limodzili likuimira mitundu itatu, Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, ndipo kwawo ndi nyanja ya Malawi, Malombe ndi kumtunda kwa Shire. M'mabuku akale mupezamo wachinayi, saka, koma ambiri masiku ano amamuwerengera kwa karongae. Ku Chilwa si kwawo kwa chambo. Ndikudziwa kuti mu msika wa Zomba wogulitsa amakuwa kuti chambo chambo ngakhale pa benchi pali makumba, poti dzinalo limakoka kasitomala, komanso ena amangoti chambo cha ku Chilwa osaganiza zonamiza munthu. Pocheza palibe mlandu, chiyankhulo chimayenda choncho. Koma lebulo ndi lonjezo kwa wogula, ndiye pamenepo ine ndingati lembani makumba.

Nanga mungasiyanitse bwanji ndi maso? Tengani nsomba yaiwisi, osati yowamba chifukwa moto umapinda zipsepse. Itembenuzeni muone chipsepse cha kunsi, chija chili pakati pa mimba ndi mchira. Kutsogolo kwake kuli minga yolimba yobaya chala, kumbuyo kuli tofewa. Werengani yolimbayo ndi nsonga ya mpeni. Makumba kawirikawiri amakhala ndi minga 4, chambo chimakhala ndi 3. Ndati kawirikawiri, ndiye musadalire nsomba imodzi, werengani zisanu kaya khumi. Chinanso, chambo chachimuna nyengo yoswana chimatulutsa kanthu kolendewera ngati ngayaye kunsi kwa mimba, pomwe makumba alibe. Mukapeza ina ya chifuwa chofiirira, mutu wobulungira, imeneyo ndi chilunguni, pa Chizungu redbreast tilapia, ya sayansi Coptodon rendalli. Iyi ngakhale kaswedwe kake nkosiyana, imaikira mazira pansi makolo onse awiri nkumalondera, pomwe makumba ndi chambo mayi amasunga mazira mkamwa mpaka tiana titayamba kusambira. Amene amaweta nsomba m'madamu cha ku Domasi amazidziwa bwino zitatuzi poti ndi zomwe zimawetedwa kwambiri kuno.

Pa chilunguni pomwepa pali msampha wina woti muudziwe. Mukatsegula buku la zaulimi lakale mupeza Tilapia rendalli, pa intaneti mupeza Coptodon rendalli, nkumaganiza kuti ndi nsomba ziwiri. Ndi imodzi. Asayansi akaunikanso ubale wa nsomba amatha kuisamutsa banja, ndiye mawu oyamba amasintha koma achiwiri nthawi zambiri amatsala. Iyi inasamutsidwa mu 2013. Makumba nawonso m'mabuku akale kwambiri analembedwa Tilapia shirana, kenako Sarotherodon shiranus. Choncho mukaona mayina awiri akusemphana, yang'anani mawu achiwiriwo kaye musanati wina walakwitsa.

Tsopano matemba. Sardine ayi. Sardine weniweni ndi nsomba ya m'nyanja zamchere, ndipo kuno dzina loti lake sardine linapatsidwa kwa usipa, Engraulicypris sardella, wa ku nyanja ya Malawi, chifukwa chongofanana maonekedwe basi. Matemba pa Chizungu ndi barb. Ambiri mwa omwe amagwidwa ku Chilwa ndi straightfin barb, dzina la sayansi lomwe anthu anazolowera ndi Barbus paludinosus, koma kuyambira cha m'ma 2015 timatemba ta mu Africa tinasamutsidwira ku Enteromius, ndiye lero mulemba Enteromius paludinosus. Mwaona, paludinosus uja sanasunthe.

Koma apa ndiye mpofunika kuona mtima. Mu chidebe cha matemba simukhala mtundu umodzi wokha. Khuthulani pa lichero muone, mupezamo ena a timadontho titatu takuda m'mbali, amenewo ndi Enteromius trimaculatus, ndipo nthawi zina mumalowa ngakhale tiana ta makumba. Liwu loti matemba kwa ife limanena tinsomba ta mtundu umenewo mwachisawawa, silinapangidwe kuti liloze mtundu umodzi. Apa zatembenuka, Chichewa ndiye chaphatikiza, sayansi yagawa. Asayansi ali ndi njira yake yolembera zoterezi, amalemba dzina la banja nkuwonjezera spp. kutanthauza kuti mitundu ingapo ya m'banjamo, ndiye Enteromius spp. ndi zoona pa paketi iliyonse yomwe mungatseke osasankhula mitundu ya matembawo, bola mwachotsamo tiana ta makumba tija. Ndi momwenso timachitira ndi utaka, Copadichromis spp., ngakhalenso bonongwe, Amaranthus spp., poti amenenso ndi mitundu yambiri pansi pa dzina limodzi. Si kuthawa funso, ndi kulemba zomwe zilidi mu paketimo.

Mlamba simunaufunse koma ndikudziwa kuti wooda ku Kachulu sangaulephere, poti makumba, matemba ndi mlamba ndiye nsomba zitatu zomwe zagwira nyanja ya Chilwa. Uwu ndi wosavuta, Clarias gariepinus, pa Chizungu African sharptooth catfish, ena amangoti African catfish. Chenjerani ndi kungolemba catfish, chifukwa kampango nayenso ndi catfish koma ndi Bagrus meridionalis wa ku nyanja ya Malawi, mtengo wake ndi wina. Mlamba uli ndi chipsepse chachitali chotsata msana mpaka pafupi ndi mchira, mchirawo wobulungira, ndipo umatha kupuma mpweya wa kunja, nchifukwa chake umapirira m'matope nyanja ikamaphwa ngati muja inachitira mu 1968 ndi 1995. Kampango mchira wake ndi wa mphanda, ndipo kumbuyo kwa chipsepse cha pamsana ali ndi china chamnofu chopanda minga.

Ndiye malebulo anu atha kukhala motere. Loyamba: Makumba, Shire tilapia, Oreochromis shiranus chilwae. Lachiwiri: Matemba, barbs, Enteromius spp. Lachitatu: Mlamba, African sharptooth catfish, Clarias gariepinus. Pansi pake onjezerani kuti za ku nyanja ya Chilwa, chifukwa malo ndi amene amamangitsa dzina, liwu lomwelo ku Nkhotakota kaya ku Nsanje litha kuloza nsomba ina.

Kalembedwe kake kali ndi malamulo ochepa koma osindikiza ambiri amawaphonya. Mawu oyamba amayamba ndi chilembo chachikulu, achiwiri ndi achitatu zilembo zazing'ono zokhazokha, ngakhale atachokera ku dzina la malo ngati chilwae kapena karongae. Dzina lonse limalembedwa mopendeketsa, mukamalemba pamanja mumangodula mzere kunsi, koma spp. uja sapendeketsa. Ndipo musalisinthire ku kalembedwe ka Chichewa. Ine ndimakonda kuti mawu obwereka tiziwalemba mwathu, sukulu, lebulo, paketi, koma dzina la sayansi ndi ngati nambala ya foni, mukasintha chilembo chimodzi simumupezanso munthu wake. Dzina la Chichewa nalonso musalikhotetse kuti limveke Chizungu, ndaonapo pa menyu atalemba chambos, ayi ndithu, chambo chimodzi, chambo chambiri, liwulo silisintha.

Mwanayo muuzeni ayesenso koma atembenuze njira. Asalembe liwu la Chichewa mu foni nkutenga chomwe chabwera pamwamba. Atsegule tsamba la pa intaneti la za nsomba lotchedwa FishBase, alembe dzina la sayansi lomwe akuliganizira, kenako aone zinthu ziwiri, chithunzi ngati chikufanana ndi nsomba ili m'manja, komanso mndandanda wa malo omwe nsombayo imapezeka ngati muli Chilwa. Akanachita zimenezi ndi niloticus uja akanaona yekha kuti Chilwa mulibe. Pa mbewu njira ndi yomweyo, ndipo ife a ku Zomba tili ndi mwayi poti National Herbarium ili konkuno, koma popita kumeneko tengani chomera chenicheni chokhala ndi masamba, maluwa kapena nyemba zake, osati dzina lokha, chifukwa nzama ndi mtedza zonse pa Chizungu zili ndi liwu loti groundnut koma imodzi ndi Vigna subterranea inayo Arachis hypogaea.

Ulendo wotsatira wa ku Kachulu, musanaode funsani asodzi achikulire awiri kaya atatu payekhapayekha kuti nsomba iyi mumaitcha chani, ndipo mujambule yaiwisi itagona chammbali zipsepse zitatambasulidwa. Mukakayika ndi ina yomwe sindinaitchule pano, chithunzi chimenecho kachionetseni kwa alangizi a za nsomba musanapite kosindikiza.